Mayankho achitsanzo a m'kope langa lobwerezera: malikisi amakhala pati kwenikweni?

Tadala:
Moni nonse pagulu pano. Ndayamba kusonkhanitsa mafunso a m'mapepala a mayeso akale m'kope limodzi, funso lililonse ndi yankho lake lachitsanzo, kuti ndizibwerezera pamenepo. Chandivuta ndi mayankhowo. Ndikalemba ndekha amatalika ngati ndime ya m'buku, osadziwa kuti malikisi ali pati. Ndikakopera ndondomeko yochongera mmene ilili, ndimangopeza timawu toduladula tomwe munthu sangalembe choncho pamayeso.

Funso lomwe ndili nalo pano ndi la Bayoloje, la malikisi 4: "Fotokozani chifukwa chimene mtima umagundira mofulumira munthu akamathamanga."

Ndayankha motere: "Munthu akamathamanga thupi limagwira ntchito kwambiri ndipo limatopa. Mtima umagunda msanga kuti upope magazi ambiri chifukwa thupi likufuna mpweya. Munthu amapumanso mofulumira ndipo amatuluka thukuta. Zimenezi zimathandiza kuti thupi lipange mphamvu."

Lingapeze malikisi angati limeneli? Nanga ndilikonze bwanji lisanalowe m'kope?

Chikondi:
Ine ndikuona ngati 3. Koma mnzanga, usadzivutitse ndi ziganizo. Ochonga amakhala ndi mapepala mazanamazana, sawerenga zonse, amangosaka mawu ofunika. Pafunso limeneli mawu ake ndi okosijeni, gulukosi, resipireshoni ndi mphamvu. Ine m'kope langa ndimalemba funso, kenako mawu anayiwo pansi pake, basi. Pamayeso ndimaonetsetsa kuti onse alowa.

Bambo Mbewe:
Tadala, wachita bwino kubweretsa yankho lenileni m'malo mongofunsa mwachisawawa, chifukwa tsopano tili ndi choti tichonge. Ndaphunzitsa Bayoloje zaka zambiri ndipo kuchonga ndi ntchito yanga ya sabata ndi sabata. Yankho lakoli ndingalipatse 1, mwinanso wochonga wina wouma dzanja sangapereke kanthu. Usakhumudwe, tiye tiliyende chiganizo ndi chiganizo.

Chiganizo choyamba chikunena za "thupi". Thupi lonse silithamanga mofanana. Chomwe chikugwira ntchito yaikulu ndi minofu, ndipo wochonga akufuna kuona mawu oti minofu. Kutopa si chifukwa cha kugunda kwa mtima, ndiye pamenepo palibe malikisi.

Chachiwiri ndi chomwe chili ndi kanthu: mtima ukupopa magazi ambiri. Apa ndi pamene ndapereka 1. Koma sunanene kumene magaziwo akupita, ndipo "mpweya" ndi mawu otakata kwambiri. Okosijeni ndi mpweya, kaboni dayokisaidi ndi mpweyanso, ndipo pafunsoli awiriwa akuyenda mosemphana, wina akulowa m'minofu, wina akutuluka. Wochonga sangakusankhire kuti umatanthauza uti.

Chachitatu ndi choona, koma sichinafunsidwe. Kupuma msanga ndi thukuta ndi zina zomwe zimachitika nthawi imodzi, si zifukwa.

Chachinayi ndiye msampha wodziwika. Mphamvu sizipangidwa. Zimakhala kale m'gulukosi, resipireshoni imangozitulutsa. Ndondomeko zambiri zochongera zimalemba poyera kuti yankho loti "kupanga mphamvu" likanidwe.

Mfundo zomwe ndingayembekezere ndi izi. Minofu ikufuna mphamvu zochuluka chifukwa ikukungika pafupipafupi. Resipireshoni m'maselo a minofu ikuchitika mofulumira. Choncho minofu ikufuna okosijeni ndi gulukosi wochuluka, zomwe magazi amabweretsa. Kaboni dayokisaidi yemwe akutuluka wochuluka ayenera kuchotsedwa msanga. Ndipo yachisanu, magazi akuyenda mofulumira kupita kuminofu. Ndondomeko yotere imatchula mfundo zisanu kapena zisanu ndi imodzi, n'kunena kuti malikisi asapitirire 4.

Tadala:
Ha, 1 yekha! Zikomo aphunzitsi, ndaona pamene zapita. Koma ndiye Chikondi sakunama, eti? Mawu anayi omwe watchula aja ali m'mfundo zanu zonse.

Bambo Mbewe:
Chikondi wagwira mbali imodzi. N'zoona kuti pali mawu omwe popanda iwo malikisi sabwera. Ukalemba "kupuma" pamene pakufunika "resipireshoni" wataya, chifukwa kupuma kumachitika m'mapapo pomwe resipireshoni imachitika m'maselo. Pamenepo ndikugwirizana naye kwathunthu.

Pomwe ndikusiyana naye ndi apa. Tayesa kulemba chiganizo ichi: "Minofu imafuna okosijeni ndi gulukosi pa resipireshoni yotulutsa mphamvu." Mawu onse alimo, ndipo n'choona. Koma n'choonanso munthu ali mtulo. Sichikufotokoza chomwe chasintha pamene wayamba kuthamanga. Malikisi ali pa mawu oti "wochuluka" kapena "mofulumira". Funso lililonse lofunsa chifukwa chimene chinthu chakwerera kapena kutsikira limafuna kuti mfundo iliyonse ikhale yoyerekeza ndi mmene zinalili poyamba. Kope lokhala ndi mawu anayi okha silingakukumbutse zimenezi, ndipo ndi pamene ophunzira odziwa bwino phunziro amatayira malikisi osadziwa chifukwa chake.

Chikondi, zoti ochonga sawerenga, usazidalire. Amawerenga msanga, koma amawerenga. Mawu olondola akakhala m'chiganizo cholakwika, mwachitsanzo "magazi amachotsa okosijeni m'minofu", sapatsidwa kanthu.

Chikondi:
Chabwino aphunzitsi, za "wochuluka" ndazimva. Komabe ine ndikhalabe ndi mndandanda wanga wa mawu, ndingowonjezera kamuvi koloza m'mwamba pambali pa liwu lililonse. Kulemba ziganizo zathunthu pafunso lililonse kumandidyera nthawi, mitu ndi yambiri.

Yamikani:
Pepani ndalowa mochedwa. Ndiye mafunso amene mukukambiranawa ndi omwe akubwera chaka chino? Amene muli ndi mayankho onse mungonditumizirako kumbali, ndisindikize.

Limbani:
Ayi Yamikani, palibe amene ali ndi mafunso a chaka chino pano. Tikukamba za kope lomwe munthu amadzipangira yekha kuchokera m'mapepala akale. Ndipo ngakhale Tadala atakutumizira lake silingakuthandize kwambiri, chifukwa mbali yofunika kwambiri ndi mzere womwe iye walemba zomwe iyeyo amaphonya. Zomwe umaphonya iwe ndi zina.

Tadala, ine ndili kukoleji tsopano, koma ndinkachita zimenezi ndili kusekondale ndipo ndimachitabe. Ndikuonetse mmene ndingaikire funso lakoli patsamba.

Pamwamba ndimalemba funso ndendende mmene linalembedwera, osalifupikitsa, ndi malikisi ake. Ndimadula mzere pansi pa mawu olamula, pano ndi "fotokozani chifukwa".

Kuseri kwa tsamba, kapena pansi pomwe ndingaphimbe ndi dzanja, pamabwera yankho lachitsanzo, lolembedwa mmene ndingalembere pamayeso, ndi nambala pamapeto pa mfundo iliyonse:

"Pothamanga minofu imakungika pafupipafupi, choncho imafuna mphamvu zochuluka (1). Resipireshoni m'maselo a minofu imachitika mofulumira kuti itulutse mphamvuzo (1). Mtima umagunda msanga kuti magazi afikitse okosijeni ndi gulukosi wochuluka kuminofu (1), komanso kuti achotse msanga kaboni dayokisaidi yemwe akutuluka wochuluka (1)."

Pansi pake mizere itatu yaifupi. Woyamba: zololedwanso, monga kutchula lakitiki asidi ngati china chomwe magazi amachotsa. Wachiwiri: zokanidwa, "kupanga mphamvu", "mpweya" osatchula mtundu, "thupi" m'malo mwa minofu. Wachitatu: zomwe ine ndinaphonya ndi tsiku lake.

Yankho lonselo ndi ziganizo zitatu. Ndi lotalikirapo pang'ono chabe kuposa lako loyamba lija, koma mulibe mzere wongodzaza malo.

Tadala:
Achimwene, izi ndi zomwe ndimafuna kuona. Funso limodzi: okosijeni ndi gulukosi mwaziika m'mfundo imodzi. Bwanji osaziwerengera ngati ziwiri? Ndikanafika pa 4 osatchula kaboni dayokisaidi n'komwe.

Limbani:
Ndondomeko zina zimazipatula, zina zimaziphatikiza. Ine ndikamalemba yankho langa ndimasankha njira youma, ndimaziwerengera ngati imodzi. Ndikapeza kuti wochonga wazipatula sinditaya kanthu, koma ndikadalira kuti ndi ziwiri n'kupeza kuti ndi imodzi ndatsala pa 3.

Bambo Mbewe:
Limbani wanena bwino, ndipo tsamba lakelo ndalikonda. Ndiwonjezere zinthu ziwiri zomwe zingakuthandize, Tadala, podula mfundo pamafunso ena omwe sitikhala nawe.

Mfundo ya malikisi ndi chinthu chimodzi chomwe munthu wina, wosadziwa zomwe zili m'mutu mwako, angayang'ane n'kunena kuti chilipo kapena palibe. Ukamadzichonga n'kupeza ukuganiza kuti "apa ndidzipatse theka", dziwa kuti mfundoyo sunaidule bwino. Mwina muli mfundo ziwiri zomwe wazimanga pamodzi, mwinanso ndi yosamveka. Tenga iyi: "mtima umathandiza minofu kugwira ntchito bwino." Ungaichonge bwanji? Palibe chogwirika. Koma "magazi amafikitsa okosijeni wochuluka kuminofu" ili ndi zinthu zitatu zooneka: chomwe chikunyamulidwa, kuchuluka kwake, ndi kumene chikupita. Chimodzi chikasowa umadziwa nthawi yomweyo.

Chachiwiri ndi timawu tolumikizira: "choncho", "chifukwa", "kuti". Pafunso loti "tchulani" sitifunika. Pafunso loti "fotokozani chifukwa" ndi timene timasonyeza kuti wamvetsa chomwe chikuyambitsa chinzake. Ndondomeko yochongera nthawi zambiri imatisiya chifukwa inalembedwera wochonga yemwe amadziwa kale phunzirolo. N'chifukwa chake ukaikopera mmene ilili umaona ngati zidutswa. Ntchito yako ndi kubwezeretsa timawu timeneti. Werenga yankho la Limbani uone kuti mfundo iliyonse ikukoka inzake: kukungika kukufuna mphamvu, mphamvu zikufuna resipireshoni, resipireshoni ikufuna okosijeni ndipo ikutulutsa kaboni dayokisaidi. Ukagwira dongosolo limenelo sufunika kuloweza mfundo zinayi paderapadera.

Mayi a Dalitso:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma apa ndilankhulepo, chifukwa mwana wanga anachita ndendende zomwe mukunenazi. Anali ndi kope laukhondo, mayankho olembedwa bwino, manambala pamapeto. Yankho la mtima lomweli ankalinena pamtima osaphonya liwu. Pamayeso a kumapeto kwa teremu funso linabwera loti afotokoze chifukwa chimene munthu amapumirabe mwabefu kwa mphindi zingapo atasiya kuthamanga. Iye anangoona mawu oti kuthamanga n'kuthira yankho lake lija lonse. Anapeza 0 pa 3. Ndiye ine ndili ndi nkhawa ndi njira imeneyi, bambo Mbewe. Kodi sitikuphunzitsa ana kuloweza m'malo moganiza?

Chikondi:
Mayi, apa ndiye mawu okhaokha apambana. Munthu wokhala ndi mawu ofunika amapanga chiganizo malinga ndi funso, sakhala ndi ndime yoti angoithira.

Limbani:
Ayi mphwanga, ndi mawu ako anayi aja ukanapezanso 0. Funso la Dalitso likufuna zina: resipireshoni yopanda okosijeni, lakitiki asidi, ngongole ya okosijeni. Palibe ngakhale limodzi pamndandanda wako.

Bambo Mbewe:
Mayi, nkhawa yanu ndi yoona, ndipo sindikufuna kuichepetsa. Ndimaziona kawirikawiri, makamaka kwa ana akhama. Vuto silili m'yankho lachitsanzo koma m'kukhala ndi funso limodzi lokha pamutu wonse. Mwana akakhala ndi funso limodzi la kuthamanga, mawu oti "kuthamanga" amasanduka belu lomuuza kuti atulutse yankho lija.

Chomwe ndimauza ophunzira anga ndi chakuti funso lisalowe m'kope lokha. Lilowe ndi abale ake awiri kapena atatu, ofanana maonekedwe koma ofuna mayankho osiyana, ndipo akhale patsamba limodzi kapena masamba oyandikana. Pamutu uwu abale ake ndi awa. Loyamba ndi la Tadala, chifukwa chimene mtima umagundira msanga pothamanga. Lachiwiri ndi la Dalitso, chifukwa chimene munthu amapumirabe mwabefu atasiya. Lachitatu limabwera ndi galafu yosonyeza kugunda kwa mtima kwa munthu asanathamange, akuthamanga, ndiponso atasiya, n'kukuuza kuti ulongosole mmene kugundako kwasinthira.

Lachitatuli ndi lomwe limagwetsa ambiri, chifukwa silikufuna chifukwa chilichonse. Likufuna zomwe maso akuona: kuti kugunda kunali kosasinthasintha poyamba, kunakwera msanga atayamba, kunafika pachimake pamphindi yakutiyakuti, kenako kunatsika pang'onopang'ono. Nthawi zambiri pamakhalanso malikisi a kutchula manambala ochokera pagalafupo pamodzi ndi mayuniti ake. Mwana akhoza kulemba za resipireshoni molondola tsamba lonse osapeza kanthu.

Pansi pa abalewa mwana alembe mzere umodzi wonena chomwe chikuwasiyanitsa. Mwachitsanzo: "akuthamanga" ndi resipireshoni yofulumira, "atasiya" ndi lakitiki asidi, "galafu" ndi manambala popanda zifukwa. Mzere umenewo ndi umene Dalitso analibe.

Koma ndinene zoona, mayi: ngakhale zimenezi sizithetsa zonse. Alipo ana amene amaloweza abale onse atatu, n'kudzagwa pa lachinayi lomwe sanalionepo, mwina lonena za nyama ina kapena za munthu wodwala mtima. Kope limathandiza mwana amene wamvetsa phunziro kuti alembe mmene ochonga amafunira. Silingalowe m'malo mwa kumvetsako.

Mayi a Dalitso:
Zikomo bambo. Za abalezo ndizitengera kwa mwana. Sindinakhutire kwenikweni, chifukwa ndimamudziwa, akangoona yankho lolembedwa bwino mtima wake umathamangira kuloweza. Mwina ndimuuze kuti azisunga mfundo zokha, chiganizo azipanga chatsopano nthawi iliyonse.

Limbani:
Mayi, zimenezo zikhoza kumuthandiza. Chinanso: asamawerenge yankho asanalembe lake. Aphimbe, alembe papepala lina, kenako achonge ndi cholembera cha mtundu wina. Akatswiri awiri, Roediger ndi Karpicke, anachita kafukufuku yemwe anatuluka mu 2006. Ophunzira ena ankawerenga ndime mobwerezabwereza, ena ankaiwerenga kenako n'kuyesa kulemba zomwe akukumbukira. Atayesedwa patangopita mphindi zisanu, owerenga mobwereza ndi amene anachita bwino. Atayesedwa patatha sabata, amene ankadziyesa aja ndi amene anakumbukira zambiri. Ndiye kuwerenga kope kumakupatsa chithunzi choti ukudziwa, pomwe chomwe chimakhalitsa ndi kulemba osaona.

Ndipo podzichonga asayang'ane ngati chiganizo chafanana ndi cha m'kope. Ayang'ane ngati mfundo iliyonse ilipo. Akalemba ndi mawu ena koma mfundo zonse zilipo, adzipatse malikisi onse. Akazolowera zimenezo aona yekha kuti kuloweza ndime kulibe phindu lowonjezera.

Yamikani:
Pepani ndinamva molakwika poyamba. Nanga pa Fizikisi ndi Masamu zimatheka? Kumeneko yankho ndi nambala imodzi, ndiye mfundo zichokera kuti?

Limbani:
Kumeneko ndiye zimatheka bwino kwambiri, chifukwa malikisi ambiri sakhala pa nambala yomalizayo. Tenga funso ili la malikisi 3. Kachitsulo kali ndi masi ya 54 g. Kaikidwa m'silinda yoyezera momwe munali madzi okwana 50 cm³, madziwo akwera kufika pa 70 cm³. Peza densite yake.

```
V = 70 − 50 = 20 cm³        (1)
ρ = m / V = 54 / 20         (1)
ρ = 2.7 g/cm³               (1)
```

Ndagawa chonchi: malikisi oyamba ndi a kupeza voliyumu, achiwiri ndi a kuika manambala mu fomula yoyenera, achitatu ndi a yankho pamodzi ndi yuniti. Tsopano taganizira munthu amene waiwala kuchotsera, watenga 70 ngati voliyumu. Akaonetsa `54 / 70` n'kupeza `0.77 g/cm³`, wataya malikisi oyamba, koma ndondomeko zambiri zimamupatsabe a njira, ndipo zina zimamupatsanso omaliza chifukwa wapitiriza molondola ndi nambala yake yolakwikayo. M'ndondomeko umaona zilembo `ecf` pamalo otero. Koma mnzake amene wangolemba `0.77` popanda china chilichonse sapeza kanthu, chifukwa wochonga alibe choonera njira yake.

Pa Masamu mabungwe ambiri a mayeso amaika zilembo pambali pa malikisi: `M` ndi a njira, `A` ndi a yankho lolondola ndipo sabwera ngati a njira sanapezeke, `B` ndi oima paokha. Ine ndimakoperanso zilembozo m'kope, chifukwa zimandiuza mizere yomwe sindiyenera kudumpha ngakhale nditaiwerengera m'mutu.

Pamzere wa zokanidwa pafunso ili ndimalemba: kutenga 70 ngati voliyumu, kutembenuza fomula, kusiya yuniti. Ndipo ndimasintha manambala nthawi iliyonse ndikabwereza, apo ayi ndingoloweza 2.7.

Tadala:
Ndabwerera ku Bayoloje pang'ono. Aphunzitsi anati mfundo zikhoza kukhala zisanu pomwe malikisi ndi 4. Ndiye pamayeso ndizilemba zonse zisanu kuti imodzi ikalephera ina igwire?

Chikondi:
Eya, lemba zonse zomwe ukudziwa. Wochonga amasankha zolondola.

Bambo Mbewe:
Apa samalani nonse awiri, zimatengera mtundu wa funso. Pafunso lofotokoza ngati la mtima, kuwonjezera mfundo yachisanu yolondola sikuwononga kanthu, ndipo ndimalimbikitsa ngati malo ndi nthawi zilipo. Chomwe chimawononga ndi kuwonjezera chinthu chotsutsana ndi chomwe wanena kale.

Pafunso loti "tchulani zinthu ziwiri" nkhani ndi ina. Mabungwe ena amachonga mayankho awiri oyamba okha. Ena amati yankho lolakwika lililonse lowonjezera limafafaniza limodzi lolondola. Ukafunsidwa zinthu ziwiri zomwe magazi amabweretsa kuminofu pa resipireshoni, n'kulemba okosijeni, gulukosi ndi kaboni dayokisaidi, ukhoza kutsala ndi 1 pomwe unali ndi 2 m'manja. Lamulo limeneli limalembedwa kumayambiriro kwa ndondomeko yochongera, patsamba lomwe ophunzira ambiri amalidumpha. Liwerenge la bungwe lomwe ukulembera mayeso ake.

M'kope mwako usunge mfundo zonse zololedwa, koma yankho lachitsanzo likhale ndi chiwerengero chomwe chafunsidwa. Zotsalazo zipite pamzere wa zololedwanso.

Tadala:
Nanga mapepala omwe ndilibe ndondomeko yake yochongera? Ndi ambiri kuposa omwe ndili nayo.

Bambo Mbewe:
Yambira pa malikisi ndi mizere yomwe yasiyidwa, zikuuza kuchuluka kwa mfundo. Kenako pita ku silabasi, upeze chiganizo chomwe funsolo lachokera, chifukwa olemba mafunso amachokera kumeneko. Buku ulitsegule pomaliza, kuti utsimikize mfundo ndi mawu ake enieni. Ukatero lemba mfundo imodzi yoposa malikisi.

Koma yankho lotero uliike chizindikiro, kanyenyezi kapena chilichonse, chosonyeza kuti silinaonedwe ndi wina. Choopsa chachikulu cha kope lodzipangira ndi chakuti cholakwika chikalowamo umachibwereza mpaka chimakhazikika. "Kupanga mphamvu" kuja kukanalowa m'kope mwako lero, ukanakuloweza bwinobwino. Sonkhanitsa mayankho anyenyeziwo asanu kapena khumi, upite nawo kwa aphunzitsi ako, ndipo usawafunse kuti "kodi lili bwino?" Uwapemphe achonge ndi cholembera, akuonetse pamene aika malikisi aliwonse.

Chikondi:
Ine ndimagwiritsa ntchito Anki, pulogalamu ya makadi obwerezera pafoni, ndiye mafunso a malikisi 4 ndi aakulu kwambiri pakhadi limodzi. Ndimawadula, mfundo imodzi khadi limodzi. Mwachitsanzo, "n'chiyani chimachitikira resipireshoni pothamanga?" Ndimayankha msanga, makadi ambiri pakanthawi kochepa.

Limbani:
Ndinayesapo. Timakadi tating'onoto ndi tabwino pa matanthauzo ndi mafomula. Koma pafunso lofotokoza, kafunso kalikonse kamakupatsa kale theka la yankho. Khadi lakolo lakuuza kale kuti resipireshoni ikukhudzidwa. Pamayeso palibe amene adzakuuze zimenezo, udzafunika kukumbukira wekha kuti mfundo zilipo zinayi ndiponso kuti ikuyamba ndi iti.

Chikondi:
Komatu achimwene, khadi lofuna kulemba ziganizo zitatu munthu sulichita uli paulendo kapena ukudikira kalasi. Likhala osabwerezedwa. Bola laling'ono lomwe ndimalionadi tsiku lililonse.

Limbani:
Pamenepo sindikutsutsa. Mwina zonse ziwiri, tating'ono pafoni, athunthu papepala kamodzi pasabata. Sindikudziwa kuti chimapindulitsa kwambiri n'chiti kwa munthu amene nthawi yamuchepera.

Mayi a Dalitso:
Bambo Mbewe, nanga pa maphunziro monga Mbiri, pomwe mwana amalemba tsamba lathunthu?

Bambo Mbewe:
Kumeneko ndilankhule mosamala chifukwa si phunziro langa. Mafunso afupiafupi a Mbiri amadulika m'mfundo mofanana. Koma mafunso aatali kawirikawiri amachongedwa ndi magawo: wochonga amawerenga yankho lonse n'kuona ngati mwana wangotchula, wafotokoza, kapena wafika poyeza mbali ziwiri n'kugamula. Kumeneko kuwerenga mfundo imodziimodzi kumasocheretsa. Mwana akhoza kukhala ndi mfundo khumi zoona n'kukhalabe m'gawo lapansi. Ngakhale m'sayansi, mabungwe ena amachonga mafunso a malikisi 6 mwanjira imeneyo. Ndiye njira yomwe takambiranayi muigwiritse ntchito pamafunso a malikisi 1 mpaka 5, ndipo za aataliwo mufunse amene amawachonga.

Tadala:
Ndayesa funso la Dalitso lija osatsegula buku, kuti likhale m'bale wa langa. Malikisi 3. "Pothamanga okosijeni sakwanira, choncho minofu imachita resipireshoni yopanda okosijeni yomwe imatulutsa lakitiki asidi. Munthu akasiya amapumabe mwabefu kuti achotse lakitiki asidi." Ndadzipatsa 3. Aphunzitsi, ndachonga bwino?

Bambo Mbewe:
Ndikupatsa 2. Resipireshoni yopanda okosijeni m'minofu, 1. Lakitiki asidi, 1. Chiganizo chomaliza chatsala pang'ono, koma mmene wachilembera chikumveka ngati lakitiki asidi amatuluka ndi mpweya wa m'kamwa, pomwe satero. Kupuma mwabefu kumalowetsa okosijeni wowonjezera, ndipo okosijeniyo ndi amene amagwiritsidwa ntchito pophwanya lakitiki asidi. Mawu oti okosijeni akusowa m'chiganizo chimenecho, ndiye malikisi achitatu sabwera. Pamzere wa zololedwanso uikepo kuti magazi amatengera lakitiki asidi kuchiwindi, komanso mawu oti ngongole ya okosijeni. Lembanso chiganizo chomalizacho, kenako upeze funso la galafu m'mapepala ako ulitumize pano ndi manambala ake tilichongere limodzi.